Mutu usiye ngongole, wotsatira ubweze

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhule ndi anzanga amene akulemba mabuku a nkhani zoona, kaya ndi mbiri ya mpingo wawo, mbiri ya ufumu wa kwawo, kapena moyo wa munthu wina wodziwika. Chipumireni ntchito yauphunzitsi, anthu angapo andipatsapo zolemba zawo kuti ndiwaonere asadapite nazo kosindikiza. Kawirikawiri Chichewa chake chimakhala chabwino, ndipo mfundo zake zimakhala zofufuzidwa mokwanira. Povuta ndi pamene pakumana mitu, ija ena amati machaputala. Ukamaliza mutu wachiwiri, palibe chokukankha kuti utsegule wachitatu. Umaika bukulo pansi kuti ukamwe madzi, ndipo sulitolanso.

Nkhaniyi ikundikhudza inenso, chifukwa ndili ndi kabuku kamene ndikulemba m'Chichewa, ka mbiri ya Mbusa John Chilembwe. Ndalama zosindikizira zichokera pa penshoni yanga, choncho sindingafune kutulutsa buku loti munthu awerenge masamba khumi n'kulisiyira chiswe. Lamulo limene ndikutsata ndi limodzi lokha: mutu uliwonse ubweze ngongole imodzi, ndipo usiye ina. Ngongole imene ndikunena ndi funso limene lili m'mtima mwa wowerenga. Mutu ukayamba, uyenera kuyankha funso limene mutu wapitawo udadzutsa. Ukamatha, yankho lakelo libale funso latsopano, loti silingayankhidwe kwina koma m'mutu wotsatirawo. Wowerenga amakhala ngati munthu amene ali ndi ndalama zake kwa iwe: sangakutaye, amakulondola mpaka umubwezere.

Ndisadalembe chiganizo ngakhale chimodzi cha bukulo, ndidadula timapepala 7, kamodzi pa mutu uliwonse. Pa kapepala kalikonse ndidalemba mizere iwiri yokha. Mzere wapamwamba ndi funso limene mutuwo ukuyankha, wapansi ndi funso limene ukusiya. Kenaka ndidatiyala pamphasa motsatana, n'kumaona ngati mzere wapansi wa kapepala kamodzi ukufanana ndi mzere wapamwamba wa kotsatirako. Ntchitoyi imatenga madzulo amodzi kapena awiri, koma imakupulumutsa ku miyezi yolemba mitu imene pambuyo pake isowa pokhala.

Mitu itatu yoyamba idalumikizana mosavuta. Mutu 1 ndi wa mnyamata wa ku Chiradzulu amene mu 1892 adayamba kugwira ntchito pakhomo pa mmishonale Joseph Booth, mzungu amene ankanena poyera kuti dziko la Afirika ndi la anthu akuda. Funso limene mutuwu ukusiya ndi loti, mnyamata womva mawu otere kuchokera pakamwa pa mzungu athera kuti? Mutu 2 ukuyankha: mu 1897 adapita ndi Booth ku Amereka, komwe adaphunzira zaubusa pa sukulu ya anthu akuda ku Lynchburg, m'chigawo cha Virginia. Kumeneko adaona anthu akuda akuyendetsa okha mipingo ndi sukulu zawo. Apa funso likubwera lokha: kodi zimene adaonazo zingatheke kwathu kuno, pansi pa boma la atsamunda? Mutu 3 ukuyankha: adabwerako mu 1900 nakhazikitsa mishoni ya PIM ku Mbombwe, adatsegula sukulu, adalimbikitsa ulimi ndi ukhondo, ndipo patapita zaka adamanga tchalitchi lalikulu la njerwa.

Muona kuti pakati pa mitu imeneyi mungaikepo mawu oti "chifukwa chake" kapena oti "koma". Adamva za ufulu kwa Booth, chifukwa chake adamutsata kutsidya kwa nyanja. Adaona akuda akudziimira paokha, chifukwa chake adafuna kuyesa kwawo. Awa ndiwo mawu amene ndimayesera mfundo iliyonse yolumikiza mitu. Ngati mawu okhawo amene angalowe pakati pa mitu iwiri ndi "komanso" kapena "kenaka", ndiye kuti mituyo yangogundana, siidamangidwe. "Kenaka" amangonena kuti ichi chidachitika pambuyo pa icho. Zaka zikhoza kutsatana bwinobwino, 1892, 1897, 1900, koma wowerenga n'kumayasamulabe, poti kalendala payokha siikoka munthu.

Mutu umene udandivutitsa maganizo ndi wa thangata. Palibe amene angamvetse zimene zidachitika mu Januwale 1915 osadziwa moyo wa pa esiteti ya Bruce ku Magomero, imene ankayang'anira William Jervis Livingstone. Wowerenga ayenera kudziwa mmene azungu adapezera malo aakulu chotero, mmene Alomwe ambiri ochokera ku Mozambique adakhalira pamalopo, ndi mmene munthu ankalipirira malo okhala pogwira ntchito m'minda ya thonje ya mwini esiteti, kuwonjezera pa msonkho wa nyumba umene boma linkafuna. Vuto ndi loti nkhani imeneyi idayamba kale, Chilembwe asadapite n'komwe ku Amereka, ndipo m'masamba ake ambiri dzina la Chilembwe silitchulidwa. Nanga mutu wotere uikidwe pati?

Mnzanga wina, mphunzitsi wopuma ngati ine, adaona timapepala tanga pamphasa paja n'kutola ka thangata, nakaika patsogolo pa tonse.

"Aphunzitsi," adatero, "nyumba timayamba ndi maziko. Auzeni anthu kaye mmene dziko lidalili, ndiye Chilembweyo abwere pambuyo. Ndi mmene tinkaphunzitsira m'kalasi."

Maganizo awo ndi omveka, ndipo mabuku ambiri amayamba choncho. Koma m'kalasi mwana sangatuluke, pomwe wowerenga buku ali ndi ufulu wolitseka nthawi iliyonse. Munthu amene wagula buku lolembedwa John Chilembwe pachikuto, mukamupatsa masamba 20 a malo, msonkho ndi thonje asadakumane ndi Chilembweyo, mukumubwezera ngongole imene sadakukongozeni. Sadafunse kanthu za Magomero, choncho zonse zimene mukumuuza zilibe pozikoleka. Akadzafika pamene zikufunika, patapita mitu itatu, adzakhala ataiwala, ndipo mudzakakamizika kubwereza.

Malo ena amene anthu amakonda kuika mutu wotere ndi pafupi ndi kumapeto, kuukira kuli pafupi kuyamba. Apanso pali vuto. Pamenepo nkhani yathamanga, wowerenga wamva kale za nkhondo ya 1914, mtima wake uli pa usiku wa pa 23 Januwale. Kumuimitsa pamenepo kuti mubwerere zaka 20 m'mbuyo kuli ngati minibasi imene yatsala pang'ono kufika pa depoti, dalaivala n'kukhota kuti akamwetse mafuta. Ambiri amangodumpha masambawo.

Ine ndidakaika kapepalako pa nambala 4, ndipo chimene chidanditsogolera ndi mathero a Mutu 3. Mishoni ya ku Mbombwe itakula, ena mwa otsatira ake adali anthu okhala pa esiteti ya ku Magomero, poti malowa ndi oyandikana. Anthuwo adafuna nyumba zopemphereramo ndi sukulu m'midzi mwawo, koma oyendetsa esiteti sadafune kuti zinthu za Chilembwe zikhale pamalo awo. Mutu 3 ukathera pamenepo, wowerenga amafunsa yekha: kodi munthu amaletsedwa bwanji kumanga kachisi m'mudzi mwake momwe? Malowa ndi a yani? Tsopano akufuna kumva za Magomero. Masamba omwe aja, amene akadamutopetsa koyambirira kwa buku, pano akuwamwa ngati thobwa la m'chilimwe. Mfundo zofotokoza chiyambi cha zinthu zimayenera kubwera pamene wowerenga wayamba kuzimvera ludzu, zisafulumire ndipo zisachedwe.

Popeza Mutu 4 ukubwerera m'mbuyo, pali zinthu ziwiri zimene ndikusamala. Choyamba, chiganizo choyamba cha mutuwo chikunena poyera kuti tabwerera, ndipo chikutchula nthawi yake, kuti wowerenga asaganize kuti tikadali mu zaka za Mutu 3. Chachiwiri, mutuwo suthera m'mbuyomo. Ukuyenda mpaka kukumananso ndi Chilembwe, pamene nyumba zopemphereramo za anthu ake zidawotchedwa pa esitetiyo. Njira yopatuka iyenera kukulowetsanso mumsewu waukulu, patsogolo pang'ono pa pamene udapatukira. Ndipo apa pabadwa ngongole yatsopano: mbusa amene kwa zaka zoposa khumi wakhala akugwira ntchito yake mwamtendere, nyumba zake zopemphereramo zawotchedwa, akadandaula kwa yani?

Mutu 5 ukutenga funso limenelo. Ukuonetsa mavuto akuwunjikana: njala ya cha m'ma 1912 ndi 1913, kenaka nkhondo ya azungu ya 1914, imene idafika mpaka ku Karonga mu Sepitembala chaka chomwecho, komwe kudafa asilikali achikuda. Mu Novembala, Chilembwe adalemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times yodandaula kuti anthu akuda akufera nkhondo imene si yawo, ndipo akuluakulu a boma sadafune kuti kalatayo ifalikire. Mutu ukathera pa kalata yotsekerezedwayo, sipafunikanso kumukoka wowerenga. Khomo lodandaulira latsekedwa, nanga chatsala n'chiyani? Mutu 6 ndiwo wa kuukira komwe, kuyambira usiku wa pa 23 Januwale 1915 pamene Livingstone adaphedwa ku Magomero, mpaka pa 3 Febuluwale pamene Chilembwe adawomberedwa cha ku Mulanje.

Ndinenepo za kalembedwe ka chiganizo chomaliza cha mutu, chifukwa pamenepa ndi pamene ambiri amaganiza kuti alumikiza pomwe sadalumikize. M'zolemba zimene ndimapatsidwa ndimapeza mathero onga awa: "M'mutu wotsatira tikambirana za thangata." Ichi ndi chikwangwani chabe. Chimakuuza dzina la mudzi uli kutsogolo, koma sichikupatsa chifukwa chopitira kumeneko. Mutu 3 wanga ukutha motere: "Ana a ku Mbombwe ankadzuka m'mawa kupita kusukulu. Abale awo a ku Magomero, mtunda woyenda pansi, sankaloledwa kukhala ndi sukulu yotere m'mudzi mwawo." Mawu oti thangata palibepo, funso lolembedwa palibepo, koma wowerenga akufunsa yekha kuti chifukwa chiyani. Funso limene munthu wadzifunsa yekha limamugwira kuposa limene mwamufunsira.

Mutu wotsatirawo nawo usachedwe kulipira. Ngati Mutu 3 wasiya funso la mwini malo, ndime yoyamba kapena yachiwiri ya Mutu 4 iyambe kuliyankha. Mukayamba ndi kukongola kwa phiri la Chiradzulu kwa masamba atatu, wowerenga aona kuti mwamuzemba, ndipo ulendo wina mukadzamusiyira funso sadzakukhulupirirani.

Palinso ngongole zina zazitali, zodumpha mitu ingapo, ndipo izi zimafuna kudzala mbewu msanga. Mutu 7, womaliza, ukufotokoza zotsatira za kuukirako: anthu amene adaphedwa ndi boma, kugwetsedwa kwa tchalitchi la ku Mbombwe, bungwe lofufuza limene boma lidakhazikitsa, ndi kutsegulidwanso kwa PIM mu 1926 ndi Dokotala Daniel Malikebu. Malikebu akangotulukira koyamba m'mutu womalizawo, adzaoneka ngati mlendo wogwa ndi mvula, ndipo ndidzayenera kuimitsa nkhani kuti ndifotokoze kuti ndi yani. Choncho ndamutchula kale mu Mutu 3, m'ziganizo zochepa, monga mmodzi mwa anyamata a pamishoni amene adapita kukaphunzira ku Amereka. Akabweranso kumapeto, wowerenga amuzindikira ngati mwana wa pakhomo. Pa kapepala ka mutu uliwonse, kuseri kwake, ndimalemba mayina a anthu ndi malo amene akuonekera koyamba mmenemo. Ndikapeza kuti dzina lofunika kwambiri likuonekera koyamba m'mitu iwiri yomaliza, ndimabwerera kukalidzala koyambirira.

Nanga mungadziwe bwanji kuti mitu yanu siidagwirane? Njira yoyamba ndi yosinthanitsa. Tengani mitu iwiri yoyandikana, muike wachinayi pamalo a wachitatu. Ngati palibe chawonongeka, mituyo ili ngati matumba a chimanga osanjikizana m'nkhokwe, loti lililonse mutha kulisolola. M'kabuku kanga, Mutu 5 sungabwere patsogolo pa Mutu 4, chifukwa kalata ya mu Novembala 1914 imalemera pokhapokha wowerenga atadziwa kale za nyumba zowotchedwa zija. Njira yachiwiri ndi yowerenga kuti mwalemba kangati mawu oti "monga tidzaonera kutsogolo" ndi oti "monga tanena kale". Akapezeka apa ndi apo palibe vuto. Koma akachulukana m'mutu umodzi, akukuuzani kuti mutuwo uli pamalo olakwika. Ukadzadza ndi "tidzaona kutsogolo", wafulumira, ukudalira zinthu zimene wowerenga sadazimve. Ukadzadza ndi "tanena kale", wachedwa, watalikirana ndi zimene ukudalira.

Njira yachitatu ndiyo ndimaikonda. Ndimawerengera mayi a kunyumba mutu umodzi mokweza, ndikafika pamathero ndimatseka kope n'kuwafunsa kuti, "Mukufuna kumva chiyani tsopano?" Sindiwafunsa ngati mutuwo wawasangalatsa, chifukwa munthu wokukonda amavomera. Nditawawerengera Mutu 3 adati, "Nanga mzunguyo malowo adamupatsa ndani?" Limenelo ndilo funso lomwe lili pamzere wapamwamba wa kapepala ka Mutu 4. Akadayankha kuti, "Chilichonse, pitirizani," ndikadadziwa kuti mutuwo sudasiye ngongole. Akadafunsa zina, monga za banja la Chilembwe, ndikadadziwa kuti ndime zomaliza zikuloza kumene bukulo silikupita.

Njirayi ili ndi malire ake, ndipo ndi bwino kuwadziwa. Choyamba, si buku lililonse limene limafuna unyolo wotere. Buku la miyambi, la matanthauzo a mawu, kapena la kaphikidwe, munthu amalitsegula pamene akufuna, ndipo mitu yake imayenera kuima payokha. Zimene ndikunenazi ndi za buku lowerengedwa kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza.

Chachiwiri, musabise zimene aliyense akudziwa pofuna kukoka anthu. Mwana wa sukulu aliyense amadziwa kuti Chilembwe adaukira boma ndipo adaphedwa. Nkhope yake ili pa ndalama zathu, ndipo timamukumbukira pa 15 Januwale chaka chilichonse. Kuthetsa mutu ndi funso loti "kodi adzapambana?" ndi kumuyesa wowerenga mwana. Mafunso amene amanyamula buku la nkhani zoona ndi oti "chifukwa chiyani" ndi "zidatheka bwanji". Funso lalikulu la kabuku kanga ndi ili: zidatheka bwanji kuti mbusa womanga sukulu ndi tchalitchi afike potuma anthu ndi mikondo usiku? Mafunso ang'onoang'ono a kumathero a mitu onse ndi ana a funso limeneli. Mutu umene sukuthandiza kuliyankha, ngakhale ukome bwanji, ndi wa buku lina.

Chachitatu ndicho choopsa kwambiri. Mawu oti "chifukwa chake" ndi umboni umene wolemba akupereka, ndipo m'buku la nkhani zoona umboni uyenera kukhala woona. N'kosavuta kulumikiza mitu mokoma ponena kuti Chilembwe adabwera ku Amereka ali ndi maganizo oukira kale, kuti Mutu 2 uloze molunjika ku Mutu 6. Unyolo wake ungakhale wosalala, koma ungameze zaka pafupifupi 15 zimene munthuyo adakhala akuphunzitsa, kulalikira ndi kumanga. Pamene mbiri siikuonetsa kuti ichi chidabala icho, wolemba asakakamize. Mawu oti "koma" amagwiranso mitu mwamphamvu yomweyo, ndipo nthawi zambiri ndiwo amanena zoona: adamanga mishoni yake mwamtendere, koma pafupi pomwepo padali esiteti. Kusalala kwa buku kusagulidwe ndi bodza.

Mutu womaliza wokha ndiwo suloledwa kusiya ngongole. Ndikafika pamenepo ndidzatola timapepala tonse n'kuwerenga mizere yapansi umodziumodzi, kuona ngati funso lililonse lidayankhidwa, ndi ngati munthu aliyense amene ndidamutchula kuti ndi wofunika wadziwika kumene adathera. Wowerenga amakhululuka chiganizo chokhota, koma sakhululuka kulonjezedwa kanthu pa tsamba 30 n'kufika kumapeto osakaona.

Kwa inu amene zolemba zanu zatha kale ndipo zili m'kabati kudikira ndalama zosindikizira, ntchitoyi mutha kuichitabe. Lembani mizere iwiri ija pa mutu uliwonse umene mudalemba, muyale timapepalato motsatana. Pamene mzere wapansi ndi wapamwamba sukugwirizana, nthawi zambiri mankhwala ake ndi amodzi mwa atatu: kusuntha mutuwo, kulembanso ndime zake ziwiri zomaliza ndi ziwiri zoyamba za wotsatira, kapena kuuphwanya n'kugawa mfundo zake m'mitu imene ikuzifuna. Akuluakulu adati mutu umodzi susenza denga. Ankanena za anthu, koma ndi mmene zililinso ndi mitu ya buku: uliwonse umafuna unzake woulandira katundu.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma, Chiradzulu